Foni ikulowa ndithu koma ngati sitikulankhulananso, bambo a kunyumba ali kunja pa ntchito

Make Tadala: Moni nonse pa gulu pano. Ndili ndi nkhani ndipo ndikufuna maganizo a anthu oti zinawachitikirapo kapena akuzidziwa bwino, kupemphera ndikupemphera kale nde musangondiuza zimenezo basi. Bambo a kunyumba ali kunja, amagwira ntchito yosamalira okalamba, mashifiti ausiku, amalowa 8 koloko usiku kutuluka 8 koloko mmawa, masiku anayi otsatizana kenako anayi opuma. Atangopita kumene timacheza bwinobwino, ine pa buleki ya 10 koloko kuntchito ndimatuluka panja nkuwaimbira, iwo amakhala angofika kumene kunyumba, timaseka, amandiuza za agogo amene akuwasamalira, ine ndimawauza za ana. Koma kuyambira cha mu Novembala ndikaimba nthawi imeneyo sayankha. Pano timalankhula madzulo cha m'ma 8 koloko kuno ndipo ndi mphindi zochepa zedi, ana ali bwanji, ndalama zija munalandira, chabwino ndikuchedwa kuntchito, basi foni yatha. Ndalama amatumiza sanadumphitsepo mwezi. Sitinayambane. Koma ndikumva ngati ndikulankhula ndi achimwene anga osati mwamuna wanga. Kodi anzanga mumatani kuti chikondi chisazizire?

Thoko: Asisi pepani koma ine ndinena mosapsatira. Mwamuna akasintha nthawi yoimba foni nkuyamba kumafulumira, kumbali kuli wina. Auzeni kuti tsiku lililonse muzichita vidiyo kolo, aziyatsa kamera muzimuona chipinda chonse, ndipo ayatse `Last seen` muziona wagona nthawi yanji. Munthu wopanda chobisa sangakane.

Limbani: Mwina ndi netiweki mayi. Vidiyo imadya bandulo kwambiri ndipo imadukaduka, lowani pa WhatsApp mu Settings, Storage and data, muyatse `Use less data for calls` nde muziimba ya mawu okha. Komanso maiko ena amatseka kuimba pa WhatsApp, mameseji okha ndamene amadutsa, fufuzani ngati komwe ali kulibe zimenezo.

Make Tadala: Zikomo achimwene koma foni imalowa bwinobwino, imalira ndithu, ikungosowa woyankha. Ndipo tikamalankhula madzulo mawu amamveka bwino, chikusowa ndi nkhani yoti tikambe.

Anachisale: Make Tadala, tisanafike kwa mkazi wina ndikufunseni kaye zinthu ziwiri. Kusiyana kwa nthawi pakati pa inu ndi iwo ndi maola angati? Ndipo dziko limene ali limasintha wotchi kawiri pa chaka? Ndikufunsa chifukwa mwatchula Novembala. Ine ndinagwirapo ntchito yausiku m'chipatala kunja bambo atatsala ndi ana, nde mwezi umenewo umandiuza kanthu.

Make Tadala: Eya amasintha. Anandiuza nthawi ina kuti tsopano ali kumbuyo ndi maola awiri, poyamba linali ola limodzi. Koma buleki yanga ndi 10 koloko yomweyo sindingaisunthe.

Anachisale: Nde tiyeni tiwerenge limodzi. Maiko ambiri a ku Ulaya amabweza wotchi ndi ola limodzi Lamulungu lomaliza la Okutobala, nkudzaipititsanso patsogolo Lamulungu lomaliza la Malichi. Isanabwezedwe, 10 koloko yanu inali 9 koloko kwa iwo, munthu watuluka 8, wakwera basi, wafika, wavula nsapato, akumwa kenakake asanagone, nthawi yabwino kwambiri yocheza. Pano 10 koloko yanu ndi 8 koloko kwa iwo. Imeneyo ndi nthawi yopatsirana ntchito ndi a shifiti ya masana, kufotokoza kuti agogo akuti agona bwanji, akuti anagwa, akuti sanamwe mankhwala, ndipo malo ambiri otere salola foni m'thumba ukamagwira ntchito, imakhala mu kabati. Akamafika kunyumba inu mwabwerera kale pa ntchito, mukamaweruka iwo ali mtulo. Nde nthawi yanu yochezera ija sinaphedwe ndi munthu ayi, inadyedwa ndi wotchi, ndipo inu nonse awiri simunakhale pansi kupeza ina yolowa m'malo mwake. Mwangogwera pa 8 koloko madzulo, yomwe kwa iwo ndi 6 koloko, munthu wangodzuka kumene mutu uli wolemera, akusamba, akulongedza chakudya cha usiku, akuyang'ana wotchi kuopa kusiyidwa ndi basi. Pa nthawi ngati imeneyo palibe amene anganene mawu achikondi, amangonena zofunikira.

Sindikuti ndiye nkhani yonse yathera pamenepo. Koma yambirani apa chifukwa ndi chinthu chokhacho chimene mungachione ndi maso pa kalendala.

Make Tadala: Iii zoona, maola ndimawadziwa koma sindinawaike pa tsiku lawo chonchi. Nanga bwanji osangondiuza kuti nthawi imeneyo amakhala ali pa ntchito?

Bambo a Yankho: Alamu ndiyankheko ine poti ndili kunja komweku, ndimagwira ntchito mu nyumba zosungira katundu, mashifiti osinthasintha. Mwina anakuuzani kamodzi nkumaganiza kuti mwamva. Koma pali china chimene ife amuna sitinena. Ukakhala kuno foni ikalira kuchokera kumudzi mtima umagunda, chifukwa nthawi zambiri ndi vuto kapena ndalama. Si mkazi wako yekha amene amaimba, mayi ako, achemwali, mwana wa amalume, mnzako wa kusukulu amene munasiyana kalekale, onse nkhani ndi imodzi. Nde mkazi wako naye akayamba ndi fizi, lendi, mwana akufuna nsapato, mutu wako umamuika mu gulu lomwelo olo umamukonda bwanji. Umayamba kuiyang'ana foni ikulira nkumati ndiimbanso ndikapuma. Ine akazi anga anadandaula chimodzimodzi ngati inuyo, ndipo panalibe mkazi wina aliyense, ndinali ndi ngongole ya ulendo wobwerera kuno, maola a ntchito anali atachepetsedwa, ndipo ndimachita manyazi kunena poti kumudzi aliyense amaganiza kuti kunja ndalama zimangotoledwa.

Thoko: Koma achimwene si nonse muli choncho. Ine mnzanga anamvera zomwezo za kutopa ndi mashifiti, kenako anadzamva kuti bambo ali ndi mwana kumeneko. Tisamanamizane kuti sizichitika.

Anachisale: Thoko zimachitika ndithu, palibe akukana, ndipo mwalondola pa chinthu chimodzi, kusintha kwa khalidwe si chinthu chongochinyalanyaza. Pamene ndikusiyana nanu ndi pa muyezo wake. `Last seen` ndi matiki abuluu sizikuuzani chilichonse cha mumtima. Tiki imodzi ndiye kuti meseji yachoka kwa inu, awiri otuwa yafika mu foni yawo, abuluu yatsegulidwa, basi. Munthu wa shifiti yausiku amaoneka `online` 3 koloko mbandakucha chifukwa ndi buleki yake, kapena akuyankha gulu la kuntchito, ndipo angathe kutsegula meseji yanu belu la wodwala nkulira nthawi yomweyo. Komanso wobisa zenizeni amangozimitsa `Read receipts` kapena kukhala ndi foni yachiwiri, nde wotsala akungodzizunza kuyang'anira matiki usiku wonse osapeza kanthu.

Chimene ine ndimayang'ana ndi masiku opuma. Munthu wotopa chabe amabwerera akapuma. Tsiku loyamba la ofu musaliwerengere chifukwa limathera mtulo ndipo thupi limakhala likulimbana ndi kubwerera ku nthawi ya masana, koma lachiwiri ndi lachitatu amayamba yekha kuimba, nkhani zimatalika, amatchula maina a anthu amene akukhala nawo, amakumbukira zimene munamuuza sabata yatha nkufunsa kuti zinatha bwanji. Munthu amene mtima ukuchoka olo pa ofu amakhala wachangu, moyo wake kumeneko ulibenso maina, zonse ndi "ndinali ndi anzanga", amakwiya mukafunsa funso wamba, ndipo za kutsogolo sazikambanso. Nde Make Tadala, pa masiku anayi opumawo zimakhala bwanji?

Make Tadala: Kunena zoona sindidziwa kwenikweni kuti ofu yawo yagwa liti. Poyamba tinagwirizana kuti Lamulungu masana ndi lathu, koma pena Lamulungu amakhala akugona poti alowa usiku, pena ali bwino. Akakhala bwino timachezako ndithu koma ana amalanda foni, kenako apongozi akakhalapo nawonso alankhule, ine ndimatsala ndi mphindi zomaliza foni itatentha kale.

Anachisale: Apo ndiye pali vuto lachiwiri. Masiku anayi ntchito, anayi opuma, ndi masiku 8, pamene sabata ili ndi masiku 7. Ndiye kuti ofu yawo imasuntha ndi tsiku limodzi sabata iliyonse, ikayamba Lachisanu sabata ino, ulendo wotsatira iyamba Loweruka, kenako Lamulungu. Pangano loti Lamulungu lililonse silingagwire pa ndondomeko ngati imeneyo, masabata ena lidzagwera pakati pa mashifiti ndipo inu mudzamva ngati akuphwanya pangano pamene pangano lenilenilo ndi limene linali lolakwika. Apempheni akujambulireni pepala la mashifiti likangotuluka, mulembe pa kalendala yanu, ndipo pa wotchi ya mu foni onjezerani mzinda umene ali kuti musamawerengere pamtima. Mukatero sankhani tsiku lachiwiri kapena lachitatu la ofu iliyonse, usiku wanu ana atagona. 9 koloko yanu ndi 7 koloko kwa iwo, sakuthamangira kulikonse. Imeneyo ikhale ya inu awiri, ana ndi apongozi apatseni nthawi yawo ina masana, palibe cholakwika pamenepo.

Pa masiku a ntchito funsani kuti amanyamuka nthawi yanji kunyumba. Ngati amakwera basi cha m'ma 7 koloko yawo, kwa inu ndi 9 koloko, ndipo mu basi munthu amangokhala. Aike zomvera m'makutu inu muzilankhula. Malire ake ndi oti mu basi muli anthu nde sadzanena zambiri, adzangomvetsera ndi kuyankha mwachidule, musadzakhumudwe nazo. Kumapeto kwa Malichi wotchi ikadzasinthanso buleki yanu ya 10 koloko idzabwerera yokha.

Bambo a Yankho: Za mu basizo ndi zoona, ine nthawi yanga yabwino ndi imeneyo. Ndiwonjezere za ndalama poti kwa ife ndi zimene zinasintha zinthu. Tinagwirizana kuti nkhani ya ndalama ili ndi tsiku lake kamodzi pa mwezi, ndikangolandira. Tsiku lisanafike akazi anga amalemba zonse zofunika pa meseji imodzi, ine ndimalemba zimene ndalandira ndi zimene zikutuluka kuno, lendi, thiransipoti, ngongole, nde tikamaimba aliyense waona kale manambala, palibe kudabwa. Masiku ena onse ndalama sititchula pokhapokha ngati ndi matenda kapena ngozi. Chovuta chinali choti ine ndiwaonetse zimene ndimalandira zenizeni, koma atangoona anasiya kuganiza kuti ndikubisa. Ndipo akafuna kungocheza amayamba ndi kameseji koti "palibe vuto, ndangokusowani". Mawu amenewo alamu, munthu umayankha foni mtima uli m'malo.

Mayi Mvula: Mwanawe ine ndine wamkulu pano, bambo anu anagwira ntchito kunja nthawi ya makalata, kalata imatenga masabata kuti ifike. Koma ndimadziwa zambiri za moyo wawo kuposa mmene ena a inu mukudziwira za amuna anu ndi foni m'manja. Chifukwa mu kalata munthu umakhala pansi nkulemba kuti lero ndadzuka chonchi, mnzanga wa chipinda ndi wakuti, amaliza nkonono, dzanja langa latupa. Inu mumafunsana muli bwanji, ndili bwino kaya inu, tsiku lililonse mpaka mawuwo atha mchere.

Anachisale: Amayi mwanena zenizeni, ndipo apa ndi pamene ndimafuna kufika. Anthu okhala nyumba imodzi sagwirizana chifukwa cha nkhani zikuluzikulu, amagwirizana chifukwa amaona tinthu tating'ono ta wina ndi mnzake popanda kuuzana, kuti lero wabwera nkhope itagwa, kuti wayamba kuimbaimba nyimbo inayake, kuti bondo likumuvuta. Mukatalikirana timeneti timasowa tonse pokhapokha wina atinene dala, ndipo pa foni yofulumira timaoneka ngati topanda pake nde timasiyidwa. Miyezi ikapita mumapezeka mukudziwa za fizi ndi lendi koma simukudziwa dzina la munthu amene amakhala naye pa shifiti usiku wonse.

Voisi noti ndi kalata ya masiku ano ndipo kwa anthu osiyana nthawi ndi yabwino kuposa kuimba, chifukwa sifuna kuti nonse mukhale maso nthawi imodzi. Pa buleki yanu ya 10 koloko ija tulukanibe panja, koma m'malo moimba jambulani mawu mphindi ziwiri kapena zitatu, iwo adzamvera mu basi pobwerera. Musaikemo funso lofuna yankho lachangu kapena dandaulo, ingonenani chinthu chimodzi chimene chachitika, Tadala wanena chakuti, mnzanga wa kuntchito wandikwiyitsa motere, ndinalota zakuti. Iwonso pa buleki yawo yausiku ajambule, inu mudzamvera podzuka. Ndipo funso loti muli bwanji lisinthe. Munanena kuti poyamba amakuuzani za agogo amene amawasamalira, afunseni kuti agogo aja amakana kusamba aja ali bwanji masiku ano. Funso lotere silingayankhidwe ndi "bwino" ndipo limamuuza munthu kuti mumamvetsera.

Koma muwauze kaye kuti mukuyamba zimenezi ndi chifukwa chake, apo ayi adzaona mavoisi noti atatu nkuganiza kuti kwagwa zovuta. Komanso si onse amakonda kujambula mawu, ena amachita manyazi makamaka ngati akukhala ndi anzawo nyumba imodzi, wotereyo atumize chithunzi cha pamene ali ndi mawu awiri olemba, nazonso ndi zokwanira.

Mwai: Ine sindili pa banja, ndi chibwenzi chabe, akugwira ntchito kunja. Koma funso langa ndi loti zoipa nazonso uzimuuza? Ine ndimabisa ndikakhumudwa kapena ndikadwala pang'ono poti ndimati ali kale ndi zambiri, naye ndikuona kuti amandiuza zabwino zokhazokha. Ndiye ndinawerengapo za kafukufuku wa mu 2006 wa ophunzira a ku yunivesite ku America, anapeza kuti mwa zibwenzi zotalikirana zimene zinadzayamba kukhala dera limodzi, pafupifupi chimodzi mwa zitatu zilizonse chinatha pasanathe miyezi itatu. Zinandiopsa kwambiri, ndimaganiza kuti vuto ndi mtunda basi, ukatha zonse zili bwino.

Anachisale: Mwai amenewo anali ophunzira a zibwenzi, osati anthu a pa banja okhala ndi ana, nde nambala imeneyo musaitengere pa aliyense. Koma chifukwa chake ndimachidziwa. Mukamauzana zabwino zokha, aliyense amayamba kukonda munthu wa mu foni amene satopa, sakwiya, sasiya zovala pansi. Tsiku lokumana mumapeza munthu weniweni, ndiponso aliyense anazolowera kudzilamulira yekha. Ine nditabwerera ndinapeza bambo ali ndi njira yawo yoyendetsera nyumba, ana akupempha chilolezo kwa iwo okha, masabata oyamba ndinali ngati mlendo. Nde zoipa muzinena, koma kunena ndi kosiyana ndi kumusenzetsa. Mukhoza kunena kuti lero sindili bwino, sindikufuna kuti uchitepo kanthu, ndikungofuna udziwe. Wakutali chimamupweteka kwambiri ndi kumva vuto limene sangalithetse, nde mukamuchotsera udindo wothetsa amamvetsera bwino.

Chimene ndimaletsa ndi kukangana pa meseji, komanso kuyambitsa nkhani yolemera munthu akulowa shifiti. Meseji ilibe mawu, "chabwino" amamveka ngati mwano, ndipo mnzanu akhala maola 12 akuiwerenga mobwereza asakutha kuyankha. Lembani kuti pali nkhani yandikhudza tidzakambe pa ofu, nkutchula mutu wake kuti asaganize zoopsa.

Thoko: Zonsezi ndamva koma mukupereka ntchito yonse kwa mkazi. Iye awerenge maola, iye ajambule mawu, iye asamale mawu ake, bambo angolandira? Naye ali ndi foni. Naye akudziwa kuti wotchi inasintha ndipo ndi iye amene ali komweko.

Bambo a Yankho: Pamenepo Thoko sindikutsutsani. Wopita nayenso ali ndi mbali yake, ndipo wotsala ndi ana amatopa mwina kuposa ife, ife tikaweruka timagona, iye akaweruka ntchito ina ikuyamba. Kungoti amene wafunsa pano ndi alamu, nde tikuwauza zimene angayambe. Bambowo akanakhala pano ndikanawauza kuti ndalama si moni, kutumiza mwezi uliwonse sikulowa m'malo mwa kuimba wekha osadikira kuimbiridwa.

Anachisale: Ndipo zimenezi Thoko zikuthandizaninso pa nkhawa yanu ija. Make Tadala akakonza nthawi, nkuchotsa ndalama pa macheza, nkutumiza mawu kwa maulendo atatu kapena anayi a ofu, umene ndi mwezi umodzi, bambo nkukhalabe chimodzimodzi, osayamba okha olo kamodzi, ndiye kuti wotchi sinali vuto lokha. Pamenepo afunse maso ndi maso pa vidiyo. Ndipo yankho likhoza kukhala mkazi wina, likhozanso kukhala ngongole, mowa, kapena matenda a maganizo, chifukwa ntchito yausiku m'dziko lozizira, kumene miyezi imeneyi dzuwa limalowa msanga ndipo iwe umagona masana onse, imamufoola munthu mpaka safuna kulankhula ndi aliyense. Chizindikiro chake ndi choti sakhala chete kwa inu nokha, amasiyanso kuimbira abale ake ndi anzake, sakudya bwino, ofu yonse amathera pa bedi. Zikakhala choncho afunika kuonana ndi dokotala komweko, si nkhani ya chikondi yokha.

Make Tadala: Zoti sakuimbiranso abale ake ndi zoona, apongozi anadandaula mwezi watha kuti mwana wanga wandiiwala. Ine ndimaganiza kuti akungothawa zopempha.

Bambo a Yankho: Zikhoza kukhala zonse ziwiri alamu. Mufunseni kuti pa ofu amatuluka, amaonana ndi ndani, akudya chani. Koma musafunse ngati wapolisi, funsani ngati mkazi wake.

Chisomo: Pepani ndilowerere, palibe watchula za kuchipinda koma tonse tikudziwa kuti ndi mbali ya nkhaniyi. Anzanga ena amati muzitumizirana zithunzi zija pa `View once` kuti mwamuna asayang'ane kumbali. Ndi bwino?

Anachisale: Kulakalakana kuzinenedwa ndithu, anthu okwatirana asamachite manyazi kuuzana kuti ndakusowa mthupi, ndipo pa foni ya usiku wa ofu ija ndi malo ake. Koma zithunzi ganizirani kawiri. `View once` imaletsa kujambula sikirini koma siletsa munthu kujambula ndi foni ina, ndipo foni zimabedwa, zimapita kokonzetsa, ana amaseweretsa. Mawu olankhula pa foni nthawi zambiri satsala paliponse. Komanso chithunzi sichinaletsepo munthu amene waganiza kale zoyenda, nde musachite chifukwa cha mantha kapena chifukwa wakukakamizani.

Mayi Mvula: Ine langa ndi limodzi, ndipo ena simugwirizana nalo. Zonse mwanenazi ndi zabwino koma ndi zongogwirizira. Banja lotalikirana liyenera kudziwa kuti zidzatha liti. Kaya abwera, kaya inu mupita, kaya mukamaliza chimene anapitira, koma pakhale chaka chimene nonse mukuchitchula. Ndaona ambiri anapita ndi mawu oti zaka ziwiri basi, ana anakula mpaka kukwatira bambo akadali komweko, palibe anasiya mnzake koma banja linangotsala dzina.

Bambo a Yankho: Amayi ndikumva koma kutchula chaka ndi kovuta kuposa mmene zimaonekera kuchokera kumudzi. Mapepala okhalira kuno ambiri amamangiriridwa ku ntchito, malamulo obweretsa banja amasintha, kontilakiti sudziwa ngati aiwonjezera. Ine ndinalonjezapo chaka, sichinatheke, ndipo kuphwanya lonjezolo kunawapweteka akazi anga kuposa ndikanangokhala chete. Pano timangotchula ulendo wotsatira wobwera kudzacheza, mwezi wake, ndipo timasunga ndalama yake padera. Za kubwereratu timakambirana kamodzi pa chaka.

Mayi Mvula: Ulendo wocheza si kubwera mwananga. Ndipo mukabwera kudzacheza masabata awiri amathera kuzungulira abale, mkazi wanu amakuonani usiku mutatopa.

Anachisale: Pa ulendo wochezawo amayi akunena zoona, masiku awiri kapena atatu oyamba azikhala a m'nyumba mokha abale asanadziwe kuti mwafika, apo ayi simuonana. Koma za chaka ine ndili pakati. Ndaona amene tsiku lodziwika linawalimbitsa, ndaonanso amene linawasandutsa owerenga masiku mpaka kuiwala kukhala ndi moyo panopa. Mwina zimatengera ngati chimene anapitira chili ndi muyezo, monga ngongole kapena nyumba, kapena ndi kungoti kunja kuli bwino.

Make Tadala: Ife tinati akamaliza ngongole ndi nyumba, koma nyumbayo pulani yake ikungokula. Imeneyo ndiisunga kaye, sindikufuna kuyamba ndi nkhani yolemera. Ndawalembera kuti anditumizire pepala la mashifiti, ayankha kuti ali pa usiku wachitatu, ofu iyamba Lachinayi. Ndiye tsiku lachiwiri ndi Lachisanu eti? Kapena Lachinayi lomwelo ndisaliwerenge poti atuluka mmawa wake?

Anachisale: Afunseni kuti shifiti yomaliza akutuluka mmawa wa tsiku liti. Ngati ndi Lachinayi mmawa, tsiku limenelo ndi la tulo, Lachisanu amakhala akadali wolemera pang'ono, nde ine ndikanasankha Loweruka 9 koloko usiku yanu. Koma muwafunse okha, ena amachira msanga. Ndipo muwauziretu kuti si za ndalama.

Limbani: Ngati ndi vidiyo ya nthawi yaitali tchajani foni idzaze ndipo muiimike penapake osaigwira m'manja, ikamatchajidwa uku mukuimba imatentha nkuyamba kudula.

Mwai: Anachisale nanga ife amene kusiyana kwake ndi maola 7, iye akamadzuka ine ndili pakati pa ntchito, ine ndikamagona iye sanaweruke, ofu yake ndi tsiku limodzi pa sabata ndipo siligwirizana ndi langa. Mavoisi noti okha angakwane?

Anachisale: Okha sangakwane, pafunika kumvana mawu nthawi imodzi olo kamodzi pa sabata, ndipo pa maola 7 wina ayenera kutaya tulo. Chofunika ndi choti musinthane, sabata ino adzuke msanga ndi iye, sabata yamawa mugone mochedwa ndi inu, chifukwa akamataya tulo ndi mmodzi yekha amayamba kuwerengera mumtima. Ndilembereni maola ake olowa ndi otuluka ndi anu, tione pamene pali mpata.